Chifukwa chake malungo amatsekereza ayironi m'thupi

Odwala ena omwe magazi awo ndi ochepa amamwa mapilisi a ayironi mokhulupirika, koma magazi osakwera. Nthawi zina vuto silikhala pa mankhwala kapena chakudya ayi, koma pa homoni yopangidwa m'chiwindi yotchedwa hepisidini.

Thupi la munthu wamkulu limasunga magalamu 3 mpaka 4 a ayironi, yambiri ili m'maselo ofiira a magazi. Tsiku lililonse mafuta a m'mafupa amafuna mamiligalamu 20 mpaka 25 kuti apange maselo atsopano, koma matumbo amangoyamwa miligalamu imodzi kapena mamiligalamu awiri basi. Yotsalayo imachokera m'maselo akale. Selo lofiira likatha masiku pafupifupi 120, kapamba ndi chiwindi zimaliphwanya n'kubwezera ayironi yake m'magazi.

Kaya ikuchokera m'matumbo kapena momwe yasungidwa, ayironi imalowa m'magazi kudzera pa khomo limodzi lokha, puloteni yotchedwa feropotini. Hepisidini ndiye mlonda wa khomolo. Mu 2004 ofufuza anasonyeza kuti ikamatirira pa feropotini imachititsa kuti puloteniyo ikokeredwe m'kati mwa selo ndi kuwonongedwa. Choncho hepisidini ikachuluka, ayironi ya m'chakudya imatsakamira m'maselo a matumbo n'kutuluka ndi chimbudzi maselowo akamafunduka, ndipo yosungidwa ija imatsekeredwa pomwe ili. Munthu akataya magazi kapena ayironi ikachepa, chiwindi chimachepetsa hepisidini, khomo n'kutseguka.

Matenda amasokoneza dongosololi. Malungo kapena chifuwa chachikulu zikalowa, chitetezo cha m'thupi chimauza chiwindi kuti chichulukitse hepisidini, pofuna kumana tizilombo ayironi yomwe nato timaifuna kuti tiswane. Kwa masiku ochepa zimenezi n'zothandiza, koma matenda akakhalitsa, mafuta a m'mafupa nawo amamanidwa ndipo magazi amachepa.

Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2010 anaonetsa izi ku Benin. Amayi omwe anali ndi tizilombo ta malungo popanda kumva kudwala anapatsidwa phala la mapira lothiridwa ayironi, ndipo matupi awo anayamwa magawo pafupifupi 10 pa 100 alionse. Atalandira mankhwala a malungo, hepisidini inatsika ndipo anayamwa pafupifupi 18, phala lake lomwelo.

Kuchipatala, dokotala amasiyanitsa kutha kwa ayironi ndi kutsekeredwa kwake poyeza feritini, puloteni yosunga ayironi. Ikatsika, ndiye kuti ayironi yathadi ndipo mapilisi athandiza. Ikakhala yokwera pomwe ayironi yoyenda m'magazi ndi yochepa, kawirikawiri ndiye kuti ilipo koma yatsekeredwa. Mavuto onse awiri amathanso kupezeka mwa munthu mmodzi.

N'chifukwa chake mwana woyezuka m'manja ndi m'zikope ayenera kuyezedwanso malungo. Kumuwonjezera mapilisi sikungatsegule khomolo, chifukwa nawo amakweza hepisidini kwa maola pafupifupi 24. Matendawo akachizidwa, m'pamene ayironi ya m'mapilisi, m'nsomba ndi m'nyemba imayamba kulowa bwino.