Seva yoyambiranso yokha usiku: wozimitsa ndi wina, wolakwa ndi wina

Seva ndi kompyuta imene ena onse mu ofesi amadalira. Ndi mmene mumakhala mafayilo, maakaunti ndi kaundula wa makasitomala, ndipo imayenera kugwira ntchito usana ndi usiku. Ikafa n'kukhala chifere, vuto limaoneka ndipo limakonzedwa. Yovuta ndi ija imene imazima yokha n'kuyakanso patapita mphindi zochepa, anthu pofika m'mawa n'kupeza zonse zili bwinobwino, kupatula ntchito imene inadukira pakati usiku. Woyang'anira makina amakhala ngati alibe pogwira. Komatu pogwira pamakhalapo, kungoti umboni wake umakhala m'malo atatu osiyana, ndipo wina umafufutika nthawi yomweyo imene makinawo akuyaka.

Tiyerekeze ofesi imene ili ndi seva imodzi yoyendera Linux. Usiku uliwonse, 2 koloko ikakwana, sevayo imayamba kukopera mafayilo onse ku diski ina kuti asungike. Masiku ena kukoperako kumatha bwino, masiku ena kumadukira panjira. Manambala amene ndiwatchule ndi achitsanzo chabe, koma njira yofufuzira ndi yeniyeni.

Funso loyamba ndi lakuti: kodi inazimitsidwa mwadongosolo, kapena inangoduka? Seva ikalamulidwa kuzima, kaya ndi munthu kaya ndi pulogalamu imene yangoika zinthu zatsopano, imatsanzika. Imatseka mapulogalamu mmodzimmodzi n'kumalemba zimenezo mu logi, lomwe ndi buku limene makina amalembamo zochitika zawo. Malamulo awiri awa amaonetsa mbiri ya kuzima ndi kuyaka, komanso mizere yomaliza imene inalembedwa makinawo asanayambirenso:

```
last -x reboot shutdown
journalctl -b -1 -e
```

Mukaona mzere wa `reboot` popanda wa `shutdown` woutsogolera, dziwani kuti panalibe kutsanzika. M'chitsanzo chathu logi ikuonetsa kukopera kukuyenda bwino mpaka 2:07, kenako palibe kanthu. Mzere wotsatira ndi wa makina akuyaka 2:11. Palibe dandaulo lililonse pakati.

Kusowa kwa dandauloko sikutanthauza kuti kunalibe vuto. Logi imayamba yakhala mu memore isanalembedwe pa diski, choncho makina akauma mwadzidzidzi, mizere ya masekondi omaliza, yomwe ndi yofunika kuposa yonse, kawirikawiri siifika n'komwe pa diski. Pa maseva ena lamulo lachiwiri lija silionetsa chilichonse chifukwa logi yonse imasungidwa mu memore mokha. Zikatero pamafunika kulemba `Storage=persistent` mu fayilo ya `/etc/systemd/journald.conf`, n'kudikira kuti vutolo libwerenso.

Tsopano funso lasintha. Ngati makina anauma, ndani anawayatsanso? Kompyuta youma siidzidzutsa yokha. Apa ndi pamene pabwera wochidogi. Ndi kawotchi kowerenga chobwerera m'mbuyo, kamene kali mu chipu chapadera pa bolodi la seva ndipo sikadalira Linux kuti kayende. Pulogalamu ina imapatsidwa ntchito yokabweza poyambira nthawi isanathe. Ikalephera, kawotchiko kamafika pa ziro n'kuyambitsanso makina onse mosafunsa. Zili ngati mlonda amene mwamuuza kuti, ndikapanda kukuyankha kwa mphindi yathunthu, thyola chitseko. Iye sadziwa ngati mwakomoka kapena mwangotanganidwa. Chimene akudziwa n'chakuti simunayankhe.

Pa maseva ambiri a masiku ano woyankhayo ndi `systemd`, ndipo nthawi yake imalembedwa mu fayilo ya `/etc/systemd/system.conf` pa mzere wa `RuntimeWatchdogSec`. Mukaikapo masekondi 60, `systemd` imayesetsa kuyankha theka la nthawiyo lisanadutse. Lamulo la `wdctl` limaonetsa dzina la wochidogi amene ali m'makinamo. Mu seva yathu tapeza kuti ndi woyatsa, wa masekondi 60, ndipo ndi wa kakompyuta kena kakang'ono kotchedwa BMC.

Kakompyuta kameneka n'kofunika kukadziwa. Kamakhala pa bolodi lomwelo koma kali ndi moyo wakewake, kamakhalabe maso ngakhale seva itazima, bola chingwe cha magetsi chili cholumikiza. Kali ndi buku lake losiyana ndi logi ya Linux, ndipo bukulo silifufutika makina akayambiranso. Amaliwerenga motere:

```
ipmitool sel elist
```

M'chitsanzo chathu muli mzere wonena `Watchdog2` ndi `Hard reset`, koma nthawi yake ndi 00:08, osati 2:08. Ambiri amasokonezeka apa n'kuutaya mzerewo poganiza kuti ndi nkhani ina. Wotchi ya BMC nthawi zambiri imayendera UTC, pamene nthawi ya ku Malawi ndi Zambia ili patsogolo ndi maola awiri. Mukawonjezera maola awiriwo, zonse zikugwirizana: logi yaduka 2:07, wochidogi wadikira mphindi yake, wamenya 2:08, makina atenga mphindi zingapo kudziyesa n'kuyaka 2:11. Bukuli likuchotsanso magetsi pa mlandu. Akanakhala kuti anathima, mukanayembekezera mzere wa `Power Supply` wonena kuti magetsi olowa anatayika, ndipo palibe.

Apa ndi pamene anthu amalakwitsa kwambiri. Atamupeza wozimitsa, amathamangira kumuzimitsa iyeyo. Zoona, seva siyambiranso yokha, koma usiku wotsatira idzauma 2:07 n'kukhala chiumire mpaka munthu adzabwere m'mawa. Wochidogi sanayambitse vuto, anangolimaliza. Komabe si bwino kumukhululukira msanga, chifukwa nthawi zina iye ndiye wolakwa. Wina akaika nthawi yaifupi kwambiri, monga masekondi 10, seva yolemedwa ndi ntchito ikhoza kuchedwa kuyankha ili yamoyo, n'kumenyedwa popanda mlandu. Kuyesa kwake n'kosavuta: talikitsani nthawiyo, mwina kufika mphindi zisanu. Ngati kuyambiranso kwatha, vuto linali kulemedwa ndi kufupika kwa nthawi. Ngati seva ikuyambiransobe, kungoti mpata wa pakati pa mzere womaliza ndi kuyaka wakula ndi mphindi zimene mwawonjezerazo, ndiye kuti ikuumadi. Yathu ikuumadi.

Chimene chikuiumitsa tichifune ku memore, popeza vutoli likubwera pa nthawi ya kukopera, pamene mafayilo ambiri amadutsa mu memore n'kudzaza ngakhale malo amene masana sakhudzidwa. Maseva enieni amakhala ndi memore ya mtundu wa ECC, imene pa kachigawo kalikonse ka deta imasunganso timanambala toyesera. Kadontho kamodzi kakatembenuka, 0 n'kukhala 1, makina amazindikira n'kukonza, ntchito n'kumapitirira. Tikatembenuka tiwiri pamalo amodzi, ECC wamba imazindikira koma singathe kukonza, ndipo pamenepo makina akhoza kuima. Mitundu iwiri yonseyi imawerengedwa, ndipo Linux imaonetsa chiwerengerocho m'mafayilo awa:

```
cat /sys/devices/system/edac/mc/mc0/ce_count
cat /sys/devices/system/edac/mc/mc0/ue_count
```

Yoyamba ndi ya zolakwika zimene zinakonzedwa, yachiwiri ndi ya zimene zinakanika. Woyang'anira wathu akuziyang'ana 8 koloko m'mawa, akupeza 0 ndi 0, ndipo pang'ono anene kuti memore ilibe mlandu. Koma manambala amenewa amayambira pa ziro nthawi iliyonse makina akayaka. Ziro wa m'mawa akungonena kuti kuchokera 2:11 mpaka 8 koloko sikunachitike kanthu, ndipo imeneyo ndi nthawi imene seva inali chikhalire. Umboni wa usiku unafufutidwa ndi wochidogi yemwe uja. Ine ndimaona kuti msampha umenewu ndi umene umachititsa maseva ambiri kukhala miyezi akudwala, chifukwa munthu amakhala kuti wayang'ana malo oyenera, koma pa nthawi yolakwika.

Mankhwala ake ndi pulogalamu ya `rasdaemon`, imene imatha kulemba cholakwika chilichonse pa diski pamodzi ndi nthawi yake. Mukaiika n'kudikira usiku wina, `ras-mc-ctl --errors` imakupatsani mndandanda umene kuyambiranso sikuukhudza. M'chitsanzo chathu mndandandawo ukuonetsa zolakwika zokonzedwa zoposa 400 pakati pa 2:01 ndi 2:07, zonse kuchokera pa kabolodi kamodzi ka memore mwa tinayi timene tili m'makinamo. Kubwerera ku buku la BMC, mizere ya `Correctable ECC` imene inanyalanyazidwa poyamba ija ikupezeka kuti ili pa mausiku omwewo.

Chiwerengero chimafuna kuwerengedwa mwanzeru. Cholakwika chimodzi chokonzedwa pa miyezi ingapo si matenda, memore yabwinobwino imatero mwa apo ndi apo. Choopsa ndi kuchuluka kokwera msanga ndi kuunjikana pamalo amodzi, pakuti pamene kadontho kamodzi kakutembenuka kambirimbiri, tsiku lina kachiwiri kadzatembenukira limodzi. Ndipo cholakwika chosakonzeka, ngakhale chimodzi, n'chokwanira kuchitapo kanthu. Palinso malire ena oyenera kuwadziwa. Kompyuta wamba imene yangosandutsidwa seva kawirikawiri ilibe ECC, choncho ilibe chowerenga, ndipo njira imene imatsala ndi kuizimitsa n'kuiyesa kwa maola ambiri ndi pulogalamu ngati `memtest86+`. Pa maseva ena, zolakwikazo zimagwidwa ndi bolodi lenilenilo Linux isanazione, kotero mafayilo aja amakhala pa ziro pamene buku la BMC ladzaza.

Ngakhale tsopano sitinafike poti kabolodi ka memore katayidwe. Zimene manambala aloza ndi malo, ndipo pamalopo pali zinthu zingapo: kabolodiko, kampata kamene kamalowamo, ndi njira yochokera pamenepo kupita ku purosesa. Posiyanitsa, amazimitsa seva, kuzula zingwe za magetsi, kukhudza chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi asawononge tizipangizo, kenako n'kusinthanitsa kabolodi kokayikitsako ndi kanzake kofanana nako. Zolakwika zikasamukira kumalo atsopano, ndiye kuti kabolodiko ndi kodwala, kagulidwe kena. Zikatsalira pa kampata kakale, vuto lili pa bolodi lalikulu kapena purosesa, ndipo kugula memore yatsopano kukanakhala kutaya ndalama. Nthawi zina zimangotheratu, kusonyeza kuti kabolodiko sikanakhale bwino kapena munalowa fumbi.

Mu seva yathu zolakwika zatsata kabolodi. Kachotsedwa, kwaikidwa kena, nthawi ya wochidogi yabwezeredwa pa masekondi 60. Chotsala ndi kutsimikiza, ndipo usiku umodzi wabwino sukwanira, chifukwa ngakhale ikudwala sevayi inkadutsa mausiku ena bwinobwino. Ngati inkagwa kawiri pa sabata, pafunika masabata awiri kapena atatu a kukopera usiku uliwonse, `rasdaemon` ikulembabe, mndandanda wake osawonjezeka ndipo `last -x` osaonetsa `reboot` wina wosatsanzika.