Zitatu zoyamba kutchula pofunsira ntchito zimasankhidwa bwanji?

Ntchito ikalengezedwa mu The Nation kapena The Daily Times, makalata amafika mulu, ndipo wowasankha sawerenga lililonse mpaka kumapeto. Maso ake amayamba kugwera pa kandime kodzifotokoza kamene kamakhala pamwamba pa sivi, mizere inayi kapena isanu. M'mizere imeneyi mumakwana zinthu zitatu zokha zimene munachita bwino pantchito. Chimodzi chokha chimaoneka ngati chinangochitika mwamwayi, pomwe zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zimaphimbana, wowerenga osakumbukirapo chilichonse. Vuto lagona posankha, chifukwa ambiri amaika zimene amazinyadira, osati zimene wolemba ntchitoyo akusowa.

Tiyerekeze kuti kampani yogula mtedza ndi soya ku Mchinji ikufuna woyang'anira nyumba yosungiramo katundu. Chilengezo chikuti munthuyo akhale ndi dipuloma komanso akhale atagwirapo ntchitoyi zaka ziwiri. Kenako chikundandalika ntchito zake: kulandira ndi kutulutsa katundu molemba bwino, kuwerenga matumba mwezi uliwonse ndi kutumiza lipoti, kuonetsetsa kuti mbewu sizikuwonongeka, ndipo chakumapeto, kuyang'anira aganyu. Pansi penipeni chikubwerezanso kuti wofunsira adziwe Excel ndi kulemba malipoti.

Musanaganize za inu nokha, tengani cholembera muwerenge chilengezocho kawiri. Dipuloma ndi zaka ziwiri zija ndi zongokulowetsani pakhomo. Aliyense amene kalata yake isungidwe ali nazo, choncho zisadye malo mwa atatu aja. Chongani chimene chatchulidwa koyamba pa ntchito zake, ndiponso chimene chatchulidwa kawiri. Kenako dzifunseni kuti bwanayu akuopa chiyani. Pano sizovuta kuona: akuopa matumba kusowa, akuopa mtedza kuchita chuku n'kukanidwa ndi ogula, akuopanso kukhala osadziwa zimene zili m'nyumbamo.

Tsopano tiyerekezenso mayi amene wagwira ntchito yotereyi zaka zinayi. Akalemba papepala zonse zimene akuona kuti anachita bwino, mwatuluka izi. Analandirapo mphoto ya wantchito wakhama. Anatsogolera komiti yothandizana pa maliro ndi matenda. Atayamba ntchito, matumba 35 ankasiyana pakati pa buku ndi omwe analipodi pakutha kwa nyengo yogula, koma iye anawatsitsa kufika pa 3. Anayambitsa zoyeza chinyontho mbewu zisanalowe ndi kusanja matumba pamatabwa, kutali ndi khoma. Anasamutsa kaundula kuchoka m'buku kupita mu Excel, lipoti la pamwezi n'kumatuluka m'masiku awiri m'malo mwa sabata. Ankayang'aniranso aganyu 20, ndipo anakonza kasanjidwe moti lole ya matani 30, omwe ndi matumba 600 a makilogalamu 50, inkadzaza m'mawa umodzi.

Choyamba kuchotsa ndi mphoto ija, ngakhale ndi imene mayiyu amaikonda kwambiri ndipo satifiketi yake ili pakhoma kunyumba. Mphoto imanena kuti ena anakondwera naye, koma siuza bwana wa ku Mchinji chimene chinachitika ndi matumba. Ikhoza kulembedwa m'munsi mwa sivi. Komiti ya maliro ndi ntchito yaumunthu ndithu, koma chilengezo sichinafunse zimenezo.

Malo oyamba ndi a matumba 35 amene anatsika kufika pa 3, chifukwa akuyankha ntchito yoyamba pachilengezo komanso mantha aakulu a bwana. Onani mmene mfundoyi yakhalira: ikunena mmene zinalili, chimene chinasintha, ndi nthawi yake. Apa m'pamene pali kusiyana pakati pa udindo ndi chimene munthu anakwanitsa. Kulemba kuti “ndinkayang'anira kaundula wa katundu” n'kungotchula udindo, ndipo amene anasowetsa matumba 35 uja angalembenso chimodzimodzi popanda kunama.

Malo achiwiri ndi a chinyontho. Aliyense wochita malonda a mtedza amadziwa kuti wonyowa umachita chuku, ndipo chukucho chimabala poizoni amene amachititsa kuti ogula akuluakulu akane katundu yense. Koma mfundoyi monga mayiyu wailembera ndi yosatha, popeza yangonena zimene anayambitsa. Ayenera kufufuza zotsatira zake. Ngati m'nyengo ziwiri zotsatizana palibe katundu amene anabwezedwa, alembe zimenezo. Ngati alibe umboni wotero, anene zokhazo zimene angaikire kumbuyo, monga kuchuluka kwa matumba amene ankayezedwa. Nambala yongopeka imagwidwa msanga, chifukwa pa intaviyu amafunsa kuti munaiwerenga bwanji, ndipo bwana wanu wakale akhoza kuimbiridwa foni.

Mkangano weniweni uli pa malo achitatu, pakati pa Excel ndi aganyu. Wina angati Excel ikufanana kwambiri ndi mfundo yoyamba, poti zonse ndi za kaundula, ndipo nkhawa imeneyi ndi yomveka: mfundo zitatu zikamanena chinthu chimodzi m'mawu osiyana, ndiye kuti mwataya malo awiri. Komabe ine ndingasankhe Excel. Mfundo yoyamba ikuonetsa kuti katundu sasowa, pomwe iyi ikuonetsa kuti bwana adzadziwa msanga zimene zilipo, ndipo chilengezo chatchula malipoti kawiri, aganyu kamodzi kokha. Chikanakhala cha kampani yamalole kapena yogawa feteleza, kumene nkhani yaikulu ndi kupakira mwachangu, lole yodzaza m'mawa umodzi ija ikanakwera mpaka malo oyamba, chinyontho n'kutsika.

Kandime kake kakhoza kumveka motere, ngakhale iye adzakalemba m'Chingerezi monga chilengezo chilili: “Ndine woyang'anira nyumba yosungiramo mbewu, ndagwira ntchitoyi zaka zinayi. Ndinatsitsa kusiyana kwa matumba pakati pa kaundula ndi omwe alipo kuchoka pa 35 kufika pa 3 pa nyengo. Nditayambitsa kuyeza chinyontho polandira mbewu, palibe katundu amene anabwezedwa kwa nyengo ziwiri. Ndinasamutsira kaundula mu Excel, ndipo lipoti la pamwezi limatuluka m'masiku awiri m'malo mwa sabata.”

Pali zina zofunika kusamala nazo. Ngati ntchito munaigwira pagulu, tchulani mbali yanu; kulanda zonse kumaonekera mukafunsidwa tsatanetsatane. Ngati manambala ake ndi chinsinsi cha kumene mukugwira, monga ndalama zimene kampani imapeza, nenani kuti zinatsika ndi theka kapena zinawirikiza, osaulula chiwerengero chenicheni. Ndipo mfundo ziwiri zikalingana mphamvu, tengani yaposachedwa.

Amene angomaliza kumene sukulu asaganize kuti njirayi si yawo. Miyezi imene munakaphunzira ntchito pakampani, usungichuma wa banki m'khonde, kapena kulemba katundu pagolosale ya amalume anu, zonsezi zili ndi mmene zinalili ndi chimene chinasintha. Mukapeza ziwiri zokha zolimba, lembani ziwirizo, chifukwa chachitatu chofooka chimachititsa wowerenga kukayikira zinazo.

Mukamaliza, ikani kandimeko pambali pa chilengezo, mukoke mzere kuchoka pa mfundo iliyonse kupita pa chiganizo cha m'chilengezo chimene ikuyankha. Mfundo yosowa kolozera ichotsedwe. Mizere iwiri ikathera pa chiganizo chimodzi, bwererani ku pepala lanu lija mukatenge ina.