Denga la udzu: chimene chimalilimbitsa ndi chimene chimaliwononga

Denga la udzu limaziziritsa nyumba chifukwa cha mpweya umene umatsekeredwa mkati mwa mapesi a udzuwo ndiponso pakati pa phesi ndi linzake. Kutentha kumavutika kudutsa mumpweya wongokhala wotere. N'chifukwa chake m'dera la Mfumu Yaikulu Kuntaja, ku Chileka, mpaka kukafika ku Lirangwe, kumene dzuwa la mu Okutobala limawotcha kuposa mumzinda wa Blantyre, nyumba yofolera ndi udzu imakhalika masana pomwe ya malata yopanda siling'i imathamangitsira anthu pakhonde. Mu Juni ndi Julayi, mphepo ya mwera ikamaomba, udzu womwewo umasunga kafundidwe ka m'nyumba usiku.

Kukhalitsa kwa denga kumayambira kutchire. Udzu wabwino ndi wokhwima, umene wauma uli chiimire ndipo njere zake zayoyoka, womwetedwa cha mu Juni mpaka Ogasiti lupsa lisanadutse. Womwetedwa uli wauwisi umafota n'kuchita nkhungu. Amisiri amakonda udzu wowongoka wa mapesi ang'onoang'ono monga kamphe, pomwe tsekera, pokhala wamkulumkulu, amasiya mipata ndipo amayenera mpanda. Asanaumange m'mitolo amaupesa kuti masamba achoke, poti masambawo ndiwo amamwa madzi n'kuyambitsa kuola. Mitoloyo imasungidwa pathandala, osati pansi.

Chachiwiri, chomwenso ndi chachikulu, ndi kutsetsereka. Udzu suletsa madzi ngati lata, umangowaperekeza. Dontho limatsika kuchoka paphesi lina kupita pa lina mpaka kukagwa pansi, ndipo pamafunika kuti lithamange lisanalowe mkati. Muyeso wake ndi madigiri 45, ndipo kuupeza n'kosavuta: mtanda wapamwamba ukwere kuchoka pakhoma ndi theka la mulifupi mwa nyumba.

Mwachitsanzo, nyumba ya mamita 6 mulitali ndi mamita 4 mulifupi imafuna mtanda wokwera mamita 2 pamwamba pa khoma. Phaso lililonse limakhala la mamita pafupifupi 2.8 kuchoka pamtanda kufika pakhoma, ndipo powonjezera gawo lotulukira kunja loteteza khoma ku mvula limakwana mamita 3.5. Mbalo zikatalikirana masentimita 25, mbali iliyonse imalowa mizere pafupifupi 14. Kufolera kumayambira m'munsi, matsinde a udzu ataloza pansi, mzere uliwonse n'kuphimba luzi kapena chingwe chimene chamanga mzere wapansi pake, mpaka denga litachindikala masentimita 15 kapena 20. Mwini nyumba akatsitsa mtandawo kufika mita imodzi pofuna kupulumutsa mitengo, kutsetsereka kumatsala madigiri 27 okha, ndipo madzi amadikha n'kuoletsa udzu.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa zaka. Denga lopyapyala, lomwe udzu wake amangouyala pamwamba pa pepala la pulasitiki, limafuna kufolera mwatsopano pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Lopesedwa, lochindikala ndi lotsetsereka bwino, longa la malo ogona alendo a kunyanja, limatha kupitirira zaka 15. Pamsonga ndi pamene pamayamba kutha, choncho pamakonzedwa pakapita zaka zochepa. Denga lotopa limadziwika ndi zingwe zoonekera kunja, malo olowa mkati ngati mbale, ndi udzu wakuda umene umafumbutuka poukoka.

Moto ndiye vuto limene udzu sungalithe pawokha. Mankhwala ochedwetsa moto alipo, koma ngodula ndipo opopera kunja amasuluka ndi mvula. Chitetezo chenicheni ndicho kutalikitsa denga ndi moto. Khitchini imamangidwa payokha, kumbali kumene mphepo siuluzira zothetheka kunyumba yogona, ndipo mwaye wa kudenga kwake umachotsedwa usanachuluke. Tchire lozungulira khomo limalambulidwa nyengo yosaka mbewa isanafike. Mawaya a magetsi kapena a sola amadutsa m'mapaipi, osakhudzana ndi udzu.

Chiswe chimachokera pansi n'kukwera mumsewu wake wa dothi, kutsata khoma kapena nsanamira. Kuyendera makoma kawirikawiri n'kuphwanya misewuyo, ndi kupaka mankhwala a chiswe kumunsi kwa nsanamira, kumachiletsa kufika kudenga. Tizilombo tofukula mitengo timadziwika ndi ufa wosalala umene umagwera pansi. Timakonda nsungwi zanthete ndi mitengo yosasenda, choncho mapaso a bulugamu amasendedwa makungwa, ndipo nsungwi zimadulidwa zokhwima n'kuviikidwa m'madzi kwa milungu ingapo kuti chakudya chimene tizilomboto timatsata chisuluke. Mpata wa pakati pa khoma ndi denga ndiwo khomo la udzudzu wa malungo, motero umamatidwa ndi dothi kufolera kukangotha.