Mitengo inkakwera, koma khomo lotulukira linali lotseka

Mnyamata amene tikambe nkhani yake ndi wongoyerekeza, koma tokeni imene anagula inalipodi, ndipo mitengo ndi masiku ake ndi zenizeni. Ali ndi zaka za m'ma 20, ali ndi kagolosale pamsika wina wa m'tauni, ndipo mpamba woyambira anamupatsa ndi malume ake. Amagulitsa shuga, sopo, mafuta ophikira ndi mayunitsi. Pakakhala popanda makasitomala amakhala ali pafoni.

Chakumapeto kwa Okutobala 2021, dziko lonse linali litatengeka ndi sewero la ku South Korea lotchedwa Squid Game, limene Netflix inayamba kuonetsa pa 17 Sepitembala chaka chomwecho. Anthu ena osadziwika anatengerapo mwayi n'kupanga ndalama yapaintaneti, imene ambiri amati tokeni, n'kuitcha SQUID. Ankati idzagwira ntchito pamasewera a pakompyuta amene akubwera. Eni sewero lenilenilo sankagwirizana nazo m'pang'ono pomwe. Lachiwiri pa 26 Okutobala, tokeni imodzi inali pa senti imodzi ya ku America. Pofika Lachisanu inali itadutsa madola awiri, ndipo nyumba zikuluzikulu zofalitsa nkhani zinali zitayamba kulemba za kukwerako.

Lachisanu limenelo mnyamata wathu anali ndi K200,000 yokaodera katundu wa kumapeto kwa mwezi. Nthawiyo dola imodzi inali cha m'ma K800, choncho ndalamayi inali pafupifupi madola 250. Anadziuza kuti aibwereka masiku atatu okha, Lolemba aibweza ili ndi ana.

Kugula kwake kunali kosavuta. SQUID sinkapezeka pamisika ikuluikulu imene imayamba yaunika tokeni isanaiike pamalonda. Inali pa PancakeSwap, msika wopanda mlonda, pamene aliyense angathe kuikapo tokeni yake osapempha chilolezo kwa munthu. Mnyamatayo anatumiza makwacha pafoni kwa munthu wina wogulitsa ndalama ya BNB, anaika BNB ija m'waleti ya pafoni pake, kenako anaisinthanitsa ndi SQUID. Tinene kuti anagula pa madola 2.50, ndiye kuti anapeza matokeni 100.

Pofika kumapeto kwa sabata mtengo unali utafika cha m'ma madola 38. Foni inkamuonetsa kuti ali ndi madola 3,800, kupitirira K3 miliyoni, ndalama imene golosale yake yonse sinafikepo. Apa mnyamatayo anachita zanzeru ndithu, chifukwa anaganiza zogulitsako pang'ono kuti abweze mpamba. Anadina batani losinthira, koma zinakana. Anaganiza kuti ndi netiweki, anayesanso usiku, zinakanabe. Atafufuza anapeza kuti eni tokeniyo anaikamo lamulo limene ankati ndi loteteza mtengo kuti usagwe. Munthu sakanatha kugulitsa SQUID pokhapokha akhale ndi tokeni ina yotchedwa Marbles, imene ankati imapezeka posewera masewera awo, ndipo kuti ulowe nawo unkayenera kulipiranso matokeni ambirimbiri a SQUID.

Chinsinsi chonse cha kukwera kuja chagona apa. Pamsika ngati PancakeSwap sipakhala wogula ndi wogulitsa okambirana mtengo. Pamakhala thumba limodzi lokhala ndi zinthu ziwiri, kuno SQUID, uko BNB, ndipo pulogalamu imawerengera mtengo poona kuchuluka kwa chilichonse. Munthu akagula, amaponya BNB m'thumba n'kutengamo SQUID, ndiye SQUID yotsalamo imachepa, mtengo wake n'kukwera. Wina akagulitsa zimachitika mosemphana, mtengo umatsika. Tsono mukaletsa anthu kugulitsa, mtengo ulibe kolowera kwina koma kumwamba. Kukwera kumene kunakopa mnyamata wathu kunali chizindikiro cha msampha womwewo, ndipo wogula watsopano aliyense ankakweza nambala imene inkakopa wotsatira.

Wamalonda aliyense amadziwa kuti angathe kulemba K1 miliyoni pa paketi ya shuga n'kuiika pashelefu, koma sanalemere mpaka wina atulutse ndalamayo m'thumba. Foni ikamaonetsa madola 3,800 imangochulukitsa matokeni 100 ndi mtengo wa malonda omaliza. Ndalama yeniyeni ndi BNB imene ili m'thumba muja, ndipo inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi chuma chimene mafoni a ogula onse ankaonetsa.

Lolemba pa 1 Novembala mtengo unathamanga ngati wamisala mpaka kufika madola 2,861. Kwa kanthawi, matokeni 100 aja ankaoneka ngati madola 286,000. Patangopita mphindi zochepa, amene anali ndi mphamvu yogulitsa anakhuthulira matokeni awo m'thumba n'kukokolola BNB. Mtengo unagwa kufika pa madola 0.0008. Tsamba lawo la paintaneti linazimiririka, ndipo akuti anapita ndi ndalama zoposa madola 3 miliyoni. Matokeni a mnyamata wathu anatsala m'waleti onse 100, osasowapo ngakhale imodzi, koma onse pamodzi anali masenti 8, pafupifupi K65.

Chimandiwawa n'chakuti zizindikiro zinalipo, ndipo sizinkafuna digiri. Chikalata chofotokoza za tokeniyo chinali ndi zolakwika zambiri za kalembedwe. Amene anaipanga sankadziwika. Pamasamba awo a mchezo anthu wamba sankaloledwa kuyankhapo, choncho wolephera kugulitsa analibe pochenjezera anzake. Tsamba la CoinMarketCap, pamene anthu ambiri ankaonera mtengowo, linali litaika kale chenjezo loti lalandira madandaulo a anthu amene akulephera kugulitsa SQUID. Koma diso likakhala pa nambala yobiriwira, chenjezo lili pamwamba pake silioneka.

Panali njira ziwiri zodziwira zoona asanaike mpamba wonse. Yoyamba inali kugula ya K5,000 yokha, nthawi yomweyo n'kuyesa kugulitsa theka lake. Zikakana, mwataya K5,000 ndipo mwadziwa zonse. Yachiwiri ndi kuyang'ana pa BscScan, pamene malonda onse a tokeni zotere amalembedwa poyera. Mukaona mzere wautali wa ogula okhaokha, kapena ogulitsa ali mawaleti ochepa omweomwewo, dziwani kuti khomo ndi la eni okha. Njirazi sizigwira chinyengo chilichonse, chifukwa pali matokeni ena amene amalola kugulitsa poyamba, eni ake n'kudzatseka kapena kuchotsa thumba lonse pambuyo pake. Koma SQUID ikanagwidwa ndi mayeso oyamba omwewo.

Kodandaula kunalibe. Malonda a pa PancakeSwap akachitika sabwezeka, ndipo Banki Yaikulu ya Malawi inali itanena kale mu 2019 kuti ndalama zoterezi si ndalama zovomerezeka m'dziko muno. Chotsala chinali kukaonekera kwa malume ake, amene anaona okha kuti mashelefu ayera mwezi ukutha, nthawi imene anthu alandira ndipo akufuna kugula.

"Katundu sunaode bwanji, mphwanga?"

"Malume, ndalama ndinaiika penapake pafoni. Ndimati ichuluke kaye."

"Ndiye kaitenge."

"Siingatengeke, malume. Yapita."

Malumewo sanakalipe kwambiri, koma anamuuza kuti atenge kope awerengere limodzi. Ngati golosale imapindula K10 pa K100 iliyonse ya katundu wogulitsidwa, kubweza K200,000 kukufuna kugulitsa katundu wa K2 miliyoni, popanda kudyapo, popanda kulipirapo lendi. Ndipo anayenera kuyamba ntchitoyo ndi mashelefu opanda kanthu, makasitomala ena atazolowera kale kugula pagolosale yoyandikana nayo.