Malire amodzi, mzere umodzi: mapu opepuka opanda ming'alu

Mapu a maboma 28 a Malawi, akajambulidwa mwatsatanetsatane, amakhala ndi timadontho tochuluka kwambiri potsata kukhotakhota konse kwa mitsinje ndi mapiri. Fayilo yotere imalemera, imachedwa kutseguka pafoni, ndipo imadya bandulo. Choncho okonza mapu amachotsako timadontho tina. Koma ambiri akatero amapeza ming'alu yoyera pakati pa maboma, pena boma lina litakwera pa linzake.

Gwero la vutoli ndi kasungidwe. M'mafayilo a `Shapefile` ndi `GeoJSON`, boma lililonse limasunga mpanda wakewake. Malire a Lilongwe ndi Dedza amalembedwa kawiri: kamodzi mwa Lilongwe, kamodzi mwa Dedza.

Tsono taonani njira imene David Douglas ndi Thomas Peucker anafalitsa mu 1973. Imalumikiza kadontho koyamba ndi komaliza ndi mzere woongoka, n'kufunafuna kadontho kotalikira kwambiri mzerewo. Kakapitirira muyezo womwe mwaika, tinene mamita 100, kamasungidwa, mzere umagawika pamenepo, ntchito n'kubwerezedwa mbali zonse ziwiri. Totsalira mkati mwa muyezo timatayidwa. Popeza mpanda wa Lilongwe umayambira kwina ndipo wa Dedza kwinanso, timadontho tosungidwa timasiyana. Malire amodzi aja asanduka mizere iwiri yosagwirizana.

Ena amabisa ming'aluyo ponenepetsa mizere. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa munthu akakulitsa mapu, mudzi wa m'malire umapezeka ulibe boma.

Njira yolondola ndi kudula malire onse pamphambano, pamene maboma atatu akumana. Chidutswa chilichonse chimasungidwa kamodzi, chimapepukitsidwa kamodzi, nsonga zake ziwiri osazisuntha, kenako maboma onse awiri amamangidwanso pogwiritsa ntchito chidutswa chomwecho. Umu ndi momwe `TopoJSON` ya Mike Bostock imasungira mapu, ndiponso momwe `mapshaper` ya Matthew Bloch imagwirira ntchito:

```
mapshaper maboma.shp -clean -simplify 10% keep-shapes -o format=topojson
```

Apa `10%` akutanthauza kuti pa timadontho khumi totheka kuchotsa, patsale kamodzi. Koma `-clean` musamudumphe. Pulogalamuyi imazindikira malire ogawana pokhapokha timadontho ta mbali ziwirizo tikufanana ndendende. Ngati maboma anajambulidwa ndi anthu osiyana, kusiyana kwa mita imodzi n'kokwanira kuti ione mizere iwiri, ming'alu n'kubwerera.

Chenjeraninso ndi zilumba. Mukachepetsa kwambiri, tizigawo ting'onoting'ono timazimirira. `keep-shapes` amateteza boma kuti lisasoweretu, koma pa boma la zigawo zingapo amatsimikiza chachikulu chokha. Boma la Likoma lili ndi zilumba za Likoma ndi Chizumulu, ndiye Chizumulu ikhoza kusowa ndithu. Mukatha, kulitsani mapu panyanjapo; ngati chilumbacho palibe, kwezani muyezo kufika `20%` muyesenso.