Akapanda kuyankha: uthenga wachiwiri muutumize liti, ndipo munenemo chiyani?

Kupempha nthawi yokumana ndi munthu wa udindo n'kosavuta masiku ano. Mumalemba pa WhatsApp kapena pa imelo, n'kutumiza. Chovuta chimabwera pambuyo pake, tsiku likapita, lina n'kupitanso, foni ili zii. Apa ambirife timasochera. Ena amangokhala chete poopa kuoneka amwano, mpaka tsiku lomwe anapemphalo n'kudutsa. Ena amayamba kugogoda mosalekeza, m'mawa "Mwadzuka bwanji bwana," masana "Mwauona uthenga wanga?", madzulo n'kuimba katatu. Onsewa kawirikawiri sakumana naye munthuyo.

Tiyerekeze nkhani imodzi kuti tione bwino. Mlembi wa kalabu ya alimi a mtedza ku Mchinji akufuna kukaonana ndi manijala wa kampani ina yogula mbewu ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe. Walemba uthenga Lolemba pa 5 Meyi, kupempha kuti akumane Lachinayi pa 15 Meyi. Pofika Lachitatu madzulo palibe yankho, ndipo anzake a m'komiti ayamba kumufunsa ngati asonkhe ndalama yoyendera.

Asanalembe china chilichonse, mlembiyu ayambe waona ngati uthenga woyamba unafika n'komwe. Pa WhatsApp, kachizindikiro kochonga kakakhala kamodzi kotuwa, ndiye kuti uthenga wachoka pafoni yanu koma sunalowe m'foni ya mnzanuyo; mwina foni yake njozima, mwina alibe bandulo, mwina ali kudera kopanda netiweki. Tikakhala tiwiri totuwa, uthenga walowa. Tikasanduka tabuluu, wautsegula. Koma pali anthu ambiri, makamaka mabwana, omwe anatseka mbali yoonetsa kuti awerenga, choncho tizizindikiro tawo sitisintha mtundu ngakhale atawerenga kakhumi. Musamange nkhani pa utoto wa tizizindikiro. Chomwe chili ndi tanthauzo lenileni ndi kachizindikiro kamodzi komwe kakhala masiku awiri osasintha: pamenepo uthenga wachiwiri pa nambala yomweyo n'kutaya nthawi, funani nambala ina kapena imbani ku ofesi. Pa imelo, onaninso adiresi chilembo ndi chilembo, ndipo fufuzani ngati kalata sinabwerere. Onaninso m'bokosi lanu la Spam, chifukwa zimachitika kuti munthu anayankha kalekale, yankho n'kugwera kumeneko.

Tinene kuti uthenga wa mlembi wathu unafika. Adikire masiku angati?

Anthu amakonda kufunsa funsoli ngati kuti pali nambala imodzi yokwanira nkhani zonse. Ine ndimati kuwerenga kuyambire kutsogolo, pa tsiku la msonkhano, n'kumabwerera m'mbuyo. Msonkhano uli Lachinayi pa 15. Lachitatu pa 14 Meyi ndi tchuthi chokumbukira Kamuzu, maofesi amakhala otseka, ndiye tsiku limenelo silikuwerengedwa. Anthu a kalabu afunika kudziwa pofika Lachiwiri pa 13 kuti asonkhe ndalama ya minibasi ndi kukonza zitsanzo za mtedza zokaonetsa. Ngati uthenga wachiwiri nawonso sudzayankhidwa, padzafunika tsiku loimba foni, lomwe ndi Lolemba pa 12. Ndiye kuti uthenga wachiwiri uyenera kupita sabata yoyamba isanathe, Lachinayi pa 8 kapena Lachisanu pa 9. Lachinayi ndi labwinopo, chifukwa uthenga wa Lachisanu masana umakagona Loweruka ndi Lamulungu, ndipo pofika Lolemba umakhala utakwiririka pansi pa mauthenga a m'magulu a tchalitchi, a maliro ndi a mpira.

Mukawerenga motere muona kuti papita masiku atatu ogwira ntchito kuchokera pa uthenga woyamba, ndipo pa nkhani zambiri za mu ofesi mpata wotere ndi woyenera. Munthu amakhala atapatsidwa nthawi yoona kalendala yake, kufunsa bwana wake ngati pafunika kutero, kapena kubwerako kumaliro kumudzi, komwe kumatenga masiku awiri kapena atatu ndipo palibe amene amakonzekera. Koma msonkhano ukanakhala wa mkuja, kudikira masiku atatu kukanakhala kupusa. Mumakumbutsa mawa lake m'mawa, ndipo bwino n'kungoimba. Ukanakhala wa mwezi wamawa, sabata yathunthu si yochuluka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako kuli ndi malire, ndipo malire ake ndi tsiku lomwe mtedza uyenera kukwera galimoto.

Ola nalonso lili ndi gawo lake. Uthenga wa ntchito utumizidwe nthawi ya ntchito, makamaka m'mawa cha m'ma 8 koloko kapena 9 koloko, munthu ali pa desiki ndipo kalendala ili pafupi. Wa 10 koloko usiku amauwerengera pabedi, n'kunena mumtima kuti ndiyankha mawa, basi waiwalika. Ndipo poti wautsegula kale, sudzaonekanso ngati watsopano. Ngati mpata wanu wolemba ndi usikuwo, pa Gmail pali Schedule send, yomwe imasunga kalata n'kuitumiza pa ola lomwe mwasankha. Amene mukulembera m'bale kapena bungwe la kunja mukumbukire kuti nthawi ya ku Malawi ndi yofanana ndi ya ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa, koma ku Britain ali m'mbuyo ndi maola awiri m'miyezi yawo yozizira, ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okotobala. Potchula ola la msonkhano wa pafoni, nenani kuti ndi ola la kuti.

Tsopano mawu ake. Uthenga woyamba wa mlembi uja unali wotere, ndipo ambiri timalemba chimodzimodzi: "Mwaswera bwanji bwana. Ndine mlembi wa kalabu ya alimi ku Mchinji. Timafuna tidzakuoneni sabata yamawa Lachinayi, kapena tsiku lililonse lomwe mungakhale ndi mpata." Ulemu ulimo, koma taonani ntchito yomwe wamusenzetsa manijala. Sakudziwa chomwe akufuna kudzakamba. Sakudziwa ngati zidzatenga mphindi khumi kapena m'mawa wonse. Mawu oti "tsiku lililonse" amamveka odzichepetsa, koma akutanthauza kuti manijalayo atsegule kalendala, asankhe yekha tsiku ndi ola, kenaka alembe. Munthu wotanganidwa akaona uthenga wofuna kuganiza, amausiya kuti auona bwino madzulo. Mauthenga ambiri osayankhidwa amafera pamenepa, osati pa kunyoza ayi.

Choncho uthenga wachiwiri usakhale wongofunsa ngati woyamba unafika. Ukhale wokonza zomwe zinasoweka mu woyamba, woti munthu angathe kuuyankha ndi mawu amodzi ataima pamzere ku banki. Mlembi wathu angalembe kuti:

"Mwadzuka bwanji bwana Manijala. Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a mtedza ku Mchinji, ndinakulemberani Lolemba. Tili ndi matumba 120 a mtedza wosenda a makilogalamu 50, ndipo tikupempha mphindi 20 zokha kuti tidzakuonetseni zitsanzo ndi kumva mtengo wanu. Tingathe kufika ku ofesi kwanu Lachinayi pa 15 Meyi, 10 koloko m'mawa, kapena Lachisanu pa 16, 9 koloko. Ndi liti mwa masiku awiriwa lomwe lingakukomereni? Tingathokoze mutatidziwitsa pofika Lachiwiri pa 13, kuti tikonze mayendedwe. Ngati nkhaniyi amaona ndi wina mu ofesi mwanu, chonde tilozereni kwa iyeyo. Zikomo kwambiri."

Uthengawu ukuima paokha. Manijala safunika kukwera m'mwamba kukafuna wakale kuti adziwe wolemba ndi chomwe akufuna. Matumba 120 ndi matani 6, ndipo wogula mbewu akaona nambala imeneyo amadziwa pomwepo ngati nkhaniyo ikumukhudza. Masiku aperekedwa awiri okha, ndi maola ake, ndipo tsiku lililonse latchulidwa dzina ndi deti, chifukwa "Lachinayi likubwerali" lasokonezapo anthu ambiri: wolemba amatanthauza la sabata yamawa, wowerenga n'kumva la mawa. Malire a pa 13 aperekedwa limodzi ndi chifukwa chake. Kuuza munthu wamkulu kuti "muyankhe pofika Lachiwiri" popanda chifukwa ndi kulamula, koma mukawonjezera za mayendedwe, aliyense wodziwa mtunda wa ku Mchinji amamva. Chiganizo chomalizacho ndiye chimapulumutsa nthawi zambiri. Mabwana ena sayankha chifukwa nkhaniyo si ya pa desiki pawo, ndipo amachita ulesi kufotokoza. Mukawatsegulira khomo lotere, amangotumiza nambala ya munthu woyenera.

Pali mawu omwe sayenera kupezekamo. "Simunandiyankhe." "Ndaona kuti mwawerenga." "Kodi ndakulakwirani?" Onsewa amachititsa munthu manyazi, ndipo munthu wamanyazi amafunika kuyamba wapepesa asanayankhe, zomwe zimam'patsa chifukwa chinanso chozengerezera. Kupepesa kwambiri nakonso kumalemetsa uthenga. "Pepani pokuvutitsani" kamodzi n'kokwanira, koma mizere itatu yodzigwetsa pansi imakankhira pempho lenileni kumunsi, pomwe pafoni pamaoneka mizere yoyamba yokha uthenga usanatsegulidwe. Ndipo chizolowezi chotumiza moni yekha, "Bwana muli bwanji," n'kudikira kuti ayankhe kaye musananene nkhani, chisiyeni. Pamaso m'pamaso ndi mwambo wabwino. Pafoni ya munthu yemwe sakukudziwani, moni wopanda nkhani amaoneka ngati chiyambi cha kupempha ndalama. Moni ndi nkhani zipitire limodzi mu uthenga umodzi, wolemba, osati wojambula mawu, chifukwa munthu ali mumsonkhano angathe kusuzumira zolembedwa koma sangamvetsere mawu.

Ngati munayamba ndi imelo, yankhani pa kalata yanu yomwe ija kuti mutu ukhale ndi Re: ndipo zakale zioneke m'munsi. Musathamangire kuikamo bwana wake wa munthuyo kuti aone nawo. Kumeneko ndi kumuneneza, ndipo ngakhale atakuyankhani, mudzakumana ndi nkhope yokwinya.

Nanga Lolemba pa 12 likafika kudakali chete? Uthenga wachitatu wofanana ndi wachiwiri suthandiza. Sinthani njira. Imbani foni kamodzi m'mawa, kapena imbirani mlembi wa mu ofesi, yemwe nthawi zambiri ndiye amasunga kalendala ya bwana ndipo angakuuzeni mosabisa kuti ali kumsonkhano ku Mangochi mpaka Lachisanu. Ngati pali amene anakulumikizani ndi manijalayo, m'pempheni akumbutse. Zonsezi zikakanika, lembani mawu achidule otsekera: "Bwana, poti sitinathe kugwirizana tsiku, ulendo wa pa 15 tauimitsa. Mukadzafuna kuona mtedzawu, nambala yathu ndi yomweyi." Mwatero mwamasuka kukalankhula ndi wogula wina popanda kuipitsa ubale.

Chimodzi chokha musachite: kutenga kukhala chete ngati kuvomera. Kuchoka ku Mchinji kufika ku Lilongwe ndi mtunda woposa makilomita 100, ndipo ndalama ya minibasi ya anthu atatu, kupita ndi kubwera, ndi ya alimi omwe anasonkha. Musakwere galimoto musanalandire yankho lotchula tsiku ndi ola, ndipo mukalilandira, tumizani mzere umodzi wotsimikizira tsiku logwira ntchito lomaliza ulendo usanachitike, lomwe pa nkhani iyi ndi Lachiwiri pa 13.