Intaneti ikadula pagolosale, yambirani apa

Tsiku la msika pa Nsaru kapena pa Namitete, intaneti ikadula malonda amaima. Oda ya katundu ku Lilongwe sipita, uthenga wa makasitomala pa WhatsApp sufika. Koma nthawi zambiri vuto silikhala ku kampani, ndipo wagolosale akhoza kulipeza yekha m'mphindi khumi.

Choyamba n'kuona ngati netiweki ilipo. Ayimbe *211# ngati ali pa Airtel, kapena *444# ngati ali pa TNM. Manambala a Airtel Money ndi Mpamba amenewa sadalira intaneti. Akayankha, ndiye kuti foni ikulumikizana ndi nsanja ya netiweki, ndipo vuto lili ku data.

Chachiwiri ndi bandulo. Bandulo imatha pawiri: data ikatha, kapena masiku ake akakwana ngakhale data ilipo. Mtundu wake nawo ndi wofunika. Mwachitsanzo, wagolosale wa ku Kabudula akaona kuti WhatsApp ikuyenda koma china chilichonse chikukana, ayambe wakayikira kuti anagula bandulo ya WhatsApp yokha. Apa mankhwala ake n'kugula bandulo yotsegula zonse.

Chachitatu, ayang'ane pamwamba pa foni. Pakalembedwa 4G kapena H+, intaneti iyenera kuyenda. Pakakhala E, ilipo koma ndi yofooka, moti chithunzi chimatenga nthawi kuti chipite. Malata amatchinga netiweki, choncho atuluke panja ayesenso. Ngati palibe chilembo chilichonse, aone ngati Mobile data ndi yoyatsa, chifukwa ana akamasewera ndi foni amaizimitsa osadziwa.

Kenako ayatse Flight mode kwa theka la mphindi n'kuizimitsa. Zikakanika, azimitse foni yonse n'kuyatsanso. Amene ali ndi rauta achite chimodzimodzi, koma asabaye kabowo kolembedwa Reset, poti kamafufuta dzina ndi pasiwedi zimene iye anaika.

Chomaliza chimaulula zonse: aike simu yake m'foni ina. Ikayenda, vuto ndi foni yake. Ikakana, afunse oyandikana nawo a netiweki yomweyo. Ngati onse akulira, makamaka magetsi a Escom atazima kwa maola ambiri, vuto lili pa nsanja ndipo kugula bandulo ina sikungathandize. Simu ya kampani inayo ndiyo ingapulumutse malonda a tsikulo.

Apa tsopano ndi poyimbira kampani, pa 121 ku Airtel kapena 105 ku TNM. Anene dera lake, nthawi imene vuto linayamba ndi zimene wayesa kale.

Achenjerenso ndi anthu oyimba foni n'kumati akonza netiweki akapatsidwa nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba. Amenewo ndi akuba. Kukonza intaneti sikulira nambala imeneyo.